Masiku Othawa Ndi Anu, Ankolo

Ndalama ndinakazilandira pa 1 Epulo, kunyumba kwa Ankolo ku Corby. Si malume anga enieni. Aliyense wochokera kumudzi wokhala dera lino amangowatchula choncho, ngakhale amene amawaposa zaka. Anabwera kalekale kudzaphunzira zowerengera ndalama, kenaka n'kutsegula kampani yawo yopezera anthu ntchito m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu. Kukagwa maliro, iwo ndi amene amasonkhetsa chipepeso ndi kuimba mafoni uku ndi uku mpaka bokosi litakwera ndege. Maliro a mwamuna wanga anayendetsa ndi iwo. Izi ndikuzinena poyambirira kuti wina asadzati ndinaiwala.

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Leicester, ndipo ndimakhala ku Spinney Hill, m'nyumba zogundizana zija zoti mnansi akatsokomola umamva ngati ali kuchipinda kwako. Koma ndine mwana wa mlimi wa ku Mchinji. Ndinayamba ndi mpiru wa m'zidebe kuseri kwa nyumba. Kenaka khansolo inandipatsa kadimba, pomwe ndinayeserapo chimanga choyera, chija chakwathu, osati chachikasu chotsekemera ngati switi chimene amagulitsa m'masitolo kuno. Chinabereka. Anthu a kutchalitchi analimbirana, mpaka amayi awiri anasiya kulankhulana kwa mwezi chifukwa cha zimanga zinayi. Apa m'pamene ndinaganiza zofuna munda weniweni.

Ndinaupeza panjira ya ku Market Harborough, kwa gogo wina wachizungu woweta nkhosa. Amuna awo anamwalira, ana sankafuna zaulimi, ndipo maekala atatu a kumunsi kwa famu ankangomera udzu. Tinagwirizana za lendi. Koma kupatula lendiyo panafunika kulipira wa thirakitala, kugula mbewu, feteleza, maneti otchingira mbalame, waya wa mpanda ndi mapaipi othirira. Kubanki anandimwetulira bwinobwino n'kundiuza kuti ndilibe mbiri ya ulimi. Ndinafuna kuwauza kuti ndinagwira khasu ndisanagwire pensulo, koma pa fomu yawo panalibe poti n'kulembapo zimenezo.

Choncho ndinapita kwa Ankolo, ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wa ku Chipata, kuti akhale mboni.

Anafotokoza zonse momveka bwino, atavala magalasi, cholembera chili m'manja.

"Ndikukupatsani mapaundi 7,300. Chiwongoladzanja ndi 25 pa 100 iliyonse pa chaka. Chaka chathunthu ndi mapaundi 1,825, ndipo tikagawa ndi masiku 365 tikupeza mapaundi asanu pa tsiku. Mwezi ndi mwezi simulipira kanthu, chifukwa mlimi sakhala ndi ndalama chimanga chili m'munda. Mukakolola mudzabweza zonse pakamodzi: ndalama yanga, kuphatikiza mapaundi asanu pa tsiku lililonse limene yagona kwa inu. Lero sitiliwerenga, tsiku lobweza tidzaliwerenga. Chiwongoladzanjacho sichibala chinzake. Mukafulumira, mwapulumutsa zanu. Koma malire ndi 30 Novembala. Likadutsa limenelo, vani yanu ndi yanga."

Vani imeneyo anasiya ndi mwamuna wanga. Popanda iyo, kumunda sindikanafikako, ndipo chimanga sichikanafika kwa ogula.

Anandipatsa ndalama zapamanja, nati zidzabwerenso zapamanja, m'manja mwawo, ndipo tsikulo adzasainira kuseri kwa pepala lomwelo kuti ngongole yatha. Tinasaina atatu tonse. Akazi awo, omwe ndi namwino kuchipatala ndipo timawatchula Anti, anatiphikira tiyi, ndipo tinapemphera tisananyamuke. Sindinaone choipa chilichonse. Mpaka lero ndimati mgwirizanowo unali wabwino. Chiwongoladzanja chinali chokwera, inde, koma sichinali katapira, ndipo ndinasaina maso ali tseguke.

Chilimwe chimenecho thupi langa silidzachiiwala. Ndinapempha mashifiti a m'mawa okhaokha. Ndikaweruka, ndinkasinthira zovala m'vani momwemo n'kulunjika kumunda, poti kuno miyezi imeneyo dzuwa limachedwa kulowa. Ndinadzala kumayambiriro a Meyi. Chitangomera, akhwangwala anatsata mizere ngati aitanidwa, n'kuzula mbali imene maneti sanakwane. Ndinapakiza ndi manja, chogwada, masiku atatu. Gogo wa nkhosa uja ankaima pampanda kundiyang'ana, kenaka tsiku lina anabwera ndi kamakina kake kophulika ngati mfuti koopsezera mbalame, n'kukasiya pakona osanena zambiri. Ndipo m'mawa uliwonse, ndisanasukusule n'komwe, ndinkadziwa kuti mapaundi asanu apita kale. Mvula igwe, isagwe, ndidwale, ndisadwale, asanu.

Mu Julayi ndinayamba kugulitsa mpiru, repu, bonongwe ndi nkhwani. Izi zinkangokwanira mafuta a vani ndi madzi. Ndalama yeniyeni inayamba mu Seputembala, chimanga chachiwisi chitakhwima. Ndinangolemba pa gulupu imodzi ya pafoni, koma Loweruka lotsatira magalimoto anadzaza njira ya kufamu. Anthu ankachokera ku Nottingham, Derby, Northampton, ena mpaka Coventry: a kwathu, a ku Zambia, a ku Zimbabwe, a ku Kenya. Bambo wina wa imvi anasenda chimanga chimodzi pomwepo n'kuchiluma chachiwisi, mkaka ukuchucha m'ndevu, akazi ake akumukalipira kuti akuwachititsa manyazi.

Loweruka lomaliza la Seputembala, Ankolo anabwera. Anayenda m'mizere atavala nsapato za kuofesi, akumathyola masamba ndi kuwanunkhiza. Ndinawaona ataima pachipata, milomo ikuyenda. Ankawerenga magalimoto.

Anthu atachepa ndinawaitanira kuvani.

"Ankolo, ndasonkhanitsa mapaundi 5,000. Bwanji mulandire zimenezi, kuti masiku aziwerengedwa pa zotsalazo?"

Anapukusa mutu. "Pepala likuti pakamodzi, mayi. Ndikalandira zoduladula ndiye kuti tasintha mgwirizano."

Ankanena zoona, ndipo sindinalimbane nawo. Ndinabweza ndalama m'chikwama.

"Komatu," anapitiriza, atatsamira chitseko cha vani, "mukuvutikiranji ndi zobweza? Ngongoleyi tiiphe. Ndalama yanga ikhale gawo langa m'munda muno. Chaka cha mawa titenge maekala khumi, ine ndiziona za mabuku ndi misika, inu kumunda. Phindu pakati n'pakati."

Ndinayang'ana manja anga. Zikhadabo zinali zitathyoka, zala zitang'ambika, moti kuntchito ndinkayamba ndamata mabala ndisanavale magolovesi posambitsa agogo.

"Ndamva, Ankolo, ndipo zikomo pondiganizira. Koma ine ndinakongola, sindinagulitse. Ndibweza."

"Musayankhe lero. Mayi wamasiye ngati inu amafunika wina womugwira dzanja."

"Ndayankha kale, Ankolo."

Anaseka pang'ono, natenga thumba la chimanga limene ndinawakonzera, n'kumapita.

Ndalama zinakwana pakati pa Okutobala. Ndinawerenga masiku pa kalendala ya kukhitchini, kawiri: Loweruka pa 18 linali tsiku la 200. Masiku 200, mapaundi asanu lililonse, ndi 1,000. Zonse pamodzi 8,300. Lachinayi ndinawatumizira meseji kuti ndikubwera Loweruka m'mawa ndi ndalama yonse. Foni inaonetsa kuti awerenga. Yankho silinabwere.

Tinapita ndi mnzanga wa ku Chipata uja. Galimoto ya Ankolo inali pakhomo pawo, ya Anti panalibe. Ndinaliza belu. Zii. Ndinagogoda. Katani ya chipinda cha m'mwamba inagwedezeka n'kukhalanso bata. Ndinaimba foni, ndipo tonse awiri tinaimva ikulira m'nyumbamo mpaka inaduka yokha.

"Alimo aba," anatero mnzangayo. "Manje tichite bwanji? Ponya chabe pa kabowo ka makalata."

"Ndiponye 8,300 popanda siginecha? Mawa adzati munali mapepala a nyuzi."

Tinakhala m'vani ola lathunthu. Kenaka ndinatuluka, mnzanga n'kundijambula nditaima pakhomo pawo envelopu ili m'manja, ndipo ndinawatumizira chithunzicho ndi mawu akuti: "Ankolo, ndabwera ndi ndalama yanu yonse lero, tsiku la 200, mapaundi 8,300. Simunatsegule. Ngati simukupezeka, nditumizireni nambala ya akaunti." Anawerenganso. Zii.

Masabata atatu otsatira ndinawasaka ngati ndine wokongoza, iwo wokongola. Kuofesi kwawo mtsikana wa pakhomo anati apita ku Birmingham. Nditabweranso, anati ali pa miting'i, osandiyang'ana kumaso. Kutchalitchi, kumene munthu uja sajomba ngakhale kugwe chisanu chotani, mpando wawo unakhala wopanda munthu Lamulungu kawiri motsatizana. Envelopu ndinkayenda nayo paliponse. Kuntchito ndinkaitsekera m'loka, n'kumathamangirako pakati pa shifiti kukaigwira ngati ilipo. Pogona inkakhala pansi pa pilo.

Poyamba ndinkaganiza kuti akufuna timasiku tiwonjezeke. Koma munthu wa kampani sangabisale kuseri kwa katani chifukwa cha mapaundi asanu. Tsiku lina ndikusintha zofunda za gogo wina, ndinangoima ndi chinsalu m'manja, zonse zitandiwalira. Ankadikira 30 Novembala. Likadutsa, pepala likanati sindinabweze, vani ikanakhala yawo, ndipo ine ndikanapita chokwawa kukapempha kuti tikambirane za maekala khumi aja. Ndinapsa mtima mpaka gogoyo anandifunsa ngati ndikudwala.

Njira anatsegula ndi Anti, osadziwa. Anandiimbira foni akusangalala, kuti mwana wawo wamkazi akukwatiwa, ndipo Loweruka pa 8 Novembala komiti ya ukwati ikumana kunyumba kwawo. Ankafuna ndikhale kumbali ya zophika.

"Mubwere ndithu, achemwali. Ndipo ngati katsala kachimanga, mutiganizire."

Ndinavomera. Nditadula foni ndinakhala pansi. Ndinaleredwa kuti za ngongole sizikambidwa pagulu, ndiponso kuti wamkulu sachititsidwa manyazi m'nyumba mwake. Mayi anga akanamva, akanagwira pakamwa. Ndinalingaliranso za mtsikana wokwatiwayo, yemwe sanandilakwire. Koma ndinadzifunsa kuti ulemu umenewu ukundithandiza ine kapena iwo, poti iwo ankadalira ulemu womwewo kuti ndikhala chete mpaka mwezi uthe.

Tinafika ndi mnzanga wa ku Chipata uja anthu atadzaza kale pabalaza, ngati khumi ndi asanu: anamwino, aphunzitsi, anyamata awiri a ku yunivesite, ndi mkulu wa mpingo yemwe ankatsogolera zokambirana. Nsapato zinali mulu pakhomo. Ankolo anakhala pampando wawo waukulu pafupi ndi hita. Atandiona anatsitsa kapu ya tiyi pang'onopang'ono. Ndinapereka thumba la chimanga kukhitchini, n'kupereka moni kwa aliyense, iwonso ndinawagwira chanza ndi manja awiri.

Sindinasokoneze msonkhano. Tinakambirana za holo, za mpunga, za amene adzanyamule mapoto. Ndinalonjeza nkhwani wouma ndi ntchito ya manja anga. Mkulu wa mpingo atafunsa ngati pali zina tisanatseke ndi pemphero, ndinaimirira.

"Pepani akuluakulu, yanga si ya ukwati, koma sitenga nthawi. Ankolo anandikongoza ndalama ya ulimi mu Epulo, ndipo ndikuwathokoza pamaso panu. Ndabwera kudzabweza. Ndakhala ndikuwafuna masabata atatu osawapeza, ndiye poti lero tonse tili pano, ndati ndipereke pali mboni."

Ndinagwada, n'kuika envelopu ndi pepala la mgwirizano patebulo patsogolo pawo.



"Mayi," anatero Ankolo motsitsa mawu, "ino si nthawi yake. Tidzakumana kuofesi."

"Kuofesi ndafikako kawiri, Ankolo. Tsiku lililonse limene tikudikira nthawi yake likundidyera mapaundi asanu, ndipo pakutha pa mwezi uno lidzandidyera vani. Landirani."

Anti anatuluka kukhitchini akupukuta manja. "Bambo, n'chiyani ichi? Si munandiuza kuti achemwaliwa apempha kuti muwawonjezere nthawi?"

Ankolo anatenga pepala lija, navala magalasi, ngati akuliona koyamba.

"Chabwino. Ngati mukufuna za pagulu, tichite za pagulu. Muli zingati umu?"

"8,300."

"Zaperewera. Lero ndi tsiku la 221. Masiku 221 ndi mapaundi 1,105. Zonse ndi 8,405. Pepala likuti pakamodzi, ndiye zoperewera sindilandira."

Masamu awo anali olondola, ndipo mapaundi 105 ndinali nawo m'chikwama. Mnzanga anandikodola ndi chigongono, akunong'ona kuti ndingopereka zithe. Koma mumtima mwanga munali mutauma gwa.

"Pepala likuti ndilipire masiku amene ndalama yagona kwa ine chifukwa sindinabweze. Ine ndinabweretsa pa tsiku la 200. Ndinaima pakhomo panu apo, galimoto yanu ili panja, foni yanu ikulira m'nyumba muno. Mboni yomwe inasaina pepalalo ndi iyi, inali nane. Masiku 200 ndi anga, ndawalipira mpaka kobiri lomaliza. Masiku 21 amene munathawa ndi anu, Ankolo. Sindilipira."

Apa nkhope yawo inasintha, ndipo ulemu wa "inu" unathera pomwepo.

"Iwe! Ukundinena kuti ndine wothawa m'nyumba mwanga? Waiwala amene ananyamula maliro a mwamuna wako? Banki itakukana unathamangira kwa ndani?"

"Sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala. Koma chipepeso chija anasonkha ndi anthu awa ali panowa, ndipo palibe anandiuza kuti ndidzabweze ndi munda. Ngati maliro a mwamuna wanga analinso ngongole, nenani lero mtengo wake, ndiudziwe."

Mayi wina anati "Hii!" n'kuphimba kumaso ndi mpango. Mkulu wa mpingo anakweza manja kuti tikhazike mitima pansi, nayamba kunena kuti mapaundi 105 si chinthu choti abale n'kudanirana, mwina tigawane pakati. Ndinati ayi. Ndinati ndikapereka ngakhale paundi imodzi ya masiku amenewo, ndiye kuti ndavomera kuti sindinabwere.

Anti anapempha foni yanga. Anayang'ana chithunzi chija nthawi yaitali, chitseko chawo chomwe, maluwa awo omwe, ndi tsiku lolembedwa pamwamba pa meseji. Anandibwezera foni. Kenaka anakhala pansi pa kapeti, natsegula envelopu, n'kuyamba kuwerenga ndalama mokweza, akuziika m'milu ya chikwi chikwi. Panatenga nthawi, chifukwa zambiri zinali za mapaundi khumi ndi makumi awiri, zina zikadali ndi dothi la kumunda. Atamaliza anati, "Zakwana 8,300," natenga cholembera pa buku la komiti n'kuwapatsa amuna awo.

"Sainani, bambo. Alendo akufuna kupemphera azipita."

Ankolo anatembenuza pepala, nalemba kuti ngongole yonse yabwezedwa, nasaina mokanda mpaka pepala linabooka. Mnzanga anasaina pansi pake, mkulu wa mpingo nayenso. Ankolo anadzuka n'kukwera m'mwamba pemphero lisanayambe.

Tinatuluka kupita kuvani. Mnzanga anandilanda kiyi n'kuyendetsa iye mpaka ku Leicester, akuseka njira yonse, ine ndikulira ndi kuseka pamodzi.

Zotsatira zake sizinali zokoma. Lolemba ndinapeza andichotsa pa gulupu ya komiti. Khadi la ukwati silinabwere. Kutchalitchi amayi ena ankandipatsa moni wa nsonga za zala, ndipo ndinamva kuti akunditcha wamwano, wosayamika, mkazi woti chimanga chamukwera kumutu. Wina anachita kundiimbira foni kundilangiza kuti ndipite ndi nkhuku ndikapepese. Ndinamufunsa kuti ndikapepese chiyani, kubweza ngongole? Anadula. Komanso anthu awiri, mosiyana, anandikokera pambali kundifunsa kuti masiku amawerengedwa bwanji, poti nawonso anali ndi mapepala awo kunyumba ija. Ndinawaonetsa.

Anti tinakumana nawo kamodzi, mu Disembala, pa Belgrave Road, akutuluka m'sitolo ya nsalu. Ndinaganiza zowolokera tsidya lina, koma anandiona kale. Tinapatsana moni, n'kufunsana za ana ndi za kuzizira. Za tsiku lija sitinazikhudze. Posiyana anandigwira mkono nati nkhwani wouma uja, ngati ndinasungabe, akuufuna, atumiza munthu. Ndinawapatsa wonse, ndipo ndinamva kuti unadyedwa paukwatipo.

Nditalipira zonse, phindu limene linatsala silinali loti n'kudzitama nalo. Linakwanira lendi ya chaka chotsatira, mbewu, ndi matayala awiri a vani. Za feteleza ndinachita kuwonjezera mashifiti mu Januwale ndi Febuluwale. Gogo wa nkhosa anandifunsa ngati ndikufuna maekala ena awiri a kuseri kwa khola, ndipo ndinamuuza kuti chaka chimenecho ayi, thumba silikulola, koma asapatse wina. Anati asunga.